Waya wa Yamikani: momwe kulemba nkhaniyi kukuyendera

3 Meyi

Nkhani yaifupi imene ndayamba ndi ya Yamikani, mnyamata wa zaka 11 wa m'mudzi wina chakufupi ndi Mitundu, amene akupanga choimbira cha waya mmodzi ndi chitini. Ikuchitika anthu atangokolola, mbuzi zitamasulidwa, ana ali ndi nthawi yambiri yokhala kudambo. Pofika kumapeto, mwanayu akhale atadziwa chimene chimakweza msinkhu wa mawu a waya ndi chimene chimautsitsa, koma adziwe ndi manja ake ndi makutu ake. Lamulo limene ndadziikira ndi lakuti munthu wamkulu asamufotokozere. Agogo ake alimo m'nkhaniyi, ndipo paunyamata wawo ankaimba kaligo, choimbira cha chingwe chimodzi cholizidwa ndi kauta, koma ntchito yawo ndi kumvetsera basi.

Kuti lamuloli ligwire, chilichonse chimene waya akuchita m'nkhani chiyenera kukhala chimene waya weniweni amachita. Ana amene adzawerenge ena adapangapo kale mabanjo a zigubu za mafuta, ndipo bodza adzaligwira pa tsamba loyamba. Choncho ndikupanga choimbiracho pakhonde pano uku ndikulemba.

7 Meyi

Zipangizo zapezeka. Chitini ndi cha mkaka waufa, chachikulu pang'ono, chopanda chivindikiro. Ndodo ndi ya bulugamu youma, yotalika masentimita 85. Ndaboola chitini m'mbali ziwiri moyang'anizana, pafupi ndi kunsi kwake, n'kulowetsa ndodo mpaka yatulukira mbali inayo pang'ono. Chitini chagona chafufumimba: kunsi kwake kuli pamwamba, kukamwa kwayang'ana pamimba pa woimba. Waya ndamumanga pa kamchira ka ndodo kotulukira kaja, wadutsa pamwamba pa chitini, wafika kumutu kwa ndodo kumene kuli chikhomo chokungira waya. Bowo la chikhomo ndalitentha ndi msomali wofiira ndi moto, monga momwe mwana wopanda zida angachitire.

Za waya zanditengera nthawi, chifukwa mawaya amene mwana wakumudzi angapeze sachita zofanana. Waya wofewa womangira zitsulo pa zomangamanga ngosavuta kupeza, koma ukamukunga amatamuka osabwerera. Umakunga, mawu akwera, ukangomenya kangapo atsikanso. Waya wa m'mphepete mwa tayala la galimoto ngolimba kwambiri ndipo ndi amene oimba babatoni, choimbira chachikulu cha mawu apansi, amagwiritsa ntchito, koma ngonenepa, amafuna ndodo yaitali ndi mphamvu ya munthu wamkulu. Amafunanso kumusenda ndi mpeni kuti atuluke mu labala, chifukwa wotola paphulusa la tayala lotenthedwa amakhala atafewa ndi moto. Woyenera Yamikani ndi waya wa mabuleki a njinga. Ndi timawaya tambiri topotedwa pamodzi, ndipo ukapotolola umatenga kamodzi. Kamatuluka kopindikapindika, koma kakakungidwa kamawongoka.

Zimenezi zandipatsa munthu wachitatu m'nkhani, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika. Ndalemba kukumana kwawo mwachidule:

"Achimwene, waya wakutha uyo mukufuna kutaya?"

"Ukatchere mbewa?"

"Ayi, ndikufuna aziimba."

"Tenga. Koma nkhope uziika kumbali pokunga, iwe. Ameneyu akaduka safunsa."

10 Meyi

Choimbira chalira. Poyamba chinalibe kamtengo kotsamirapo waya, ndipo waya ankangogunda m'mphepete mwa chitini, mawu ake osasa. Nditasema kamtengo kakang'ono ka nsungwi n'kukaika pakati pa waya ndi kunsi kwa chitini, mawu anatuluka oyera mpaka mwana wa kunyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Chifukwa chake n'chakuti waya payekha ngowonda kwambiri moti akamanjenjemera sakankha mpweya wokwanira. Kamtengoko kamatenga kunjenjemera kwa waya n'kukupereka ku chitsulo chopyapyala cha chitini, ndipo chitsulocho pokhala chotambalala chimakankha mpweya wambiri. Kuchoka pa kamtengoko kufika pamene waya watsamira kumutu kwa ndodo ndayeza masentimita 60. Utali umenewu ndi umene ndikhale ndikuwerengera zonse.

Apa pali chinthu chofunika pa nkhaniyi: chitini chimakuza mawu, koma sichiwakweza kapena kuwatsitsa. Ukachikanikiza pamimba n'kuchichotsa, mawu amamveka "wo-wa, wo-wa," ndipo khutu losazolowera lingaganize kuti akusintha msinkhu, pamene angosintha kamvekedwe. Ndikufuna Yamikani asokere pomwepa. Ayambe waganiza kuti chinsinsi chili m'chitini, asakesake zitini kudzala, cha penti, cha nsomba, cha majarini, aone kuti china chikulira mwaphokoso, china motsekeka, koma nyimbo osatuluka. Kenako ayese kumenya mwamphamvu, aonenso kuti phokoso lakula koma mawu ndi omwe aja. Ndime ziwiri zikwana.

16 Meyi

Sabata ino ndakhala pa chikhomo. Munthu aliyense wogwira choimbira chotere amayamba kudziwa za kukunga, chifukwa sungachipange osapotokola chikhomo, ndipo ukamapotokola uku ukumenya, mawu amakwera ukumva. Ndiye ichi ndicho choyamba chimene Yamikani atulukire, ndipo chisamuvute. Chovuta n'chakuti chikhomo sichingakuimbire nyimbo. Dzanja limachedwa, chikhomo chimaterera m'bowo, ndipo mawu ukawasiya suwapezanso pamalo pomwepo.

Palinso malire amene mwana sangawadziwe asanawagunde. Mawu sakwera mofanana ndi mphamvu imene ukukungira. Kuti achoke pa do wapansi kufika pa do wapamwamba ndi chikhomo chokha, waya ayenera kukokedwa ndi mphamvu yochuluka kanayi, osati kawiri. Ngakhale kungofika pa so kumafuna mphamvu yoposa kawiri. Poyambirira, waya ali wokhwefuka, kupotokola pang'ono kumakweza mawu kwambiri, mwana n'kulimba mtima. Pamene akupitiriza, chikhomo chimauma, ndodo imayamba kupindika, mawu akungokwera pang'onopang'ono. Kawirikawiri waya amadukira pamene wapindika kwambiri, pachikhomo kapena pamfundo ya kumchira, kapenanso pamene padya dzimbiri.

Waya wa Yamikani aduka pachikhomo, amukwapula pamsana pa dzanja. Mzere wofiira, magazi pang'ono. Sindikufuna ngozi yaikulu, ingakhale nkhani ina. Chimene ndikufuna n'chakuti abwerere kumsika kukapempha waya wachiwiri ali wamanyazi, ndipo kuyambira pamenepo aziopa chikhomo. Mantha amenewo ndi amene amutsekere njira imodzi kuti apeze inayo.

19 Meyi

Mnzanga amene amawerenga zolemba zanga wapereka ganizo lakuti waya akaduka, mwanayo amange chidutswa chotsalacho pa ndodo yaifupi, amve mawu atakwera, adziwe kuti kufupika ndiko kwachititsa. Ganizoli ndi lokongola koma sindilitenga. Akamanganso waya, wasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, utali ndi makungidwe, ndipo mwana amene wangophunzira kumene za chikhomo adzanena kuti wangokunga kwambiri. Adzakhala ndi chifukwa chomveka chonenera choncho. Kuti aone za utali, chikhomo chisakhudzidwe n'komwe.

24 Meyi

Mtima wa nkhani wapezeka, ndipo wachokera pa choimbira chenichenicho. Ukagwira waya wolira ndi chala, mawu amafa, chifukwa mnofu ngofewa, umameza kunjenjemera. Koma ukamugunditsa chinthu cholimba, msana wa mpeni kapena botolo, safa. Chinthu cholimbacho chimakhala ngati malire atsopano a waya, chigawo chochoka pamenepo kufika pachitini chimapitiriza kunjenjemera, ndipo pokhala chachifupi chimanjenjemera mofulumira, mawu n'kukwera. Umu ndi momwe Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimbira babatoni yake, dzanja lina kamtengo komenyera, dzanja lina botolo loyenda pa waya.

Ndalemba chigawo chimenechi motere. Ndi madzulo, amayi ake akugoneka khanda, Yamikani wakhala kuseri kwa nkhokwe akusema kamtengo kena, mpeni uli m'manja.

"Yamikani! Chitini chakocho chikhale chete, mwana akugona."

Waya anali akulirabe. Mofulumira anamutsamiritsa msana wa mpeni kuti amutontholetse. Waya sanatonthole. Analira mawu ena, aang'ono, owonda, amene Yamikani anali asanawamvepo chimangireni. Anayang'ana chikhomo. Chinali pomwe chinali.

Anachotsa mpeni, namenya pang'onopang'ono ndi chikhadabo. Mawu akale aja. Anabwezera mpeni. Mawu atsopano aja. Kenako, asakupuma, anautsetsereza chakuchitini, ndipo mawu anakwera naye limodzi.

"Ndati chiyani, Yamikani?"

"Ndasiya, amayi."

Koma mpeni sanauchotse.

Ndasamala chinthu chimodzi: amenye chigawo cha kuchitini. Chigawo chinacho, chochoka pampeni kupita kuchikhomo, nachonso chimalira ukachimenya, koma motsika mphamvu chifukwa sichikhudza chitini, ndipo chimayenda mosemphana. Mpeni ukamapita kuchitini, mbali ino mawu akukwera, mbali inayo akutsika, poti kufupika kwa uku ndiko kutalika kwa uko. Poyamba ndimati ndingozisiya zimenezi, koma zandithandiza pa chigawo chotsatira.

1 Juni

Masiku apitawa ndakhala ndi tepi yoyezera ndi khala m'manja, ndikulemba zizindikiro pandodo. Mkulu wina woimbitsa kwaya kutchalitchi kwathu anabwera kudzandithandiza ndi khutu lake. Iye ankaimba do, re, mi, ine ndikusuntha botolo mpaka atagwedeza mutu, kenako n'kuyeza.

Pa waya wa masentimita 60, waya yense akakhala do, malo ake ali chonchi. Do wapamwamba ali pakati penipeni, pamene patsala masentimita 30 olira. So ali pamene patsala 40, ndiye kuti magawo awiri mwa atatu. Fa ali pamene patsala 45, magawo atatu mwa anayi. Mi ali pa 48. Re ali chapafupi ndi 53. Tikati waya yense akunjenjemera ka 200 pa sekondi, pa 48 anjenjemera ka 250, pa 40 ka 300, pa 30 ka 400. Utali ukachepa ndi theka, kunjenjemera kumawirikiza kawiri. Zimenezi zinadziwika kalekale. Agiriki akale ankaziyeza pa choimbira cha chingwe chimodzi ndipo amazitchulira dzina la Pythagoras, pomwe Marin Mersenne wa ku France anasindikiza malamulo a utali, makungidwe ndi kulemera kwa chingwe m'zaka za m'ma 1630. M'nkhanimo simulowa dzina lililonse mwa amenewa, ngakhale nambala imodzi.

Zizindikiro zathu sizinagwe ndendende pa manambalawa, zina zinaphonya ndi mamilimita angapo. Pali zifukwa ziwiri zimene ndaona. Botolo ndi lozungulira, ndiye pamene likukhudza waya sipaoneka bwino. Chachiwiri, ukakanikiza kwambiri, waya amapindikira kundodo, amakungika mowonjezera, mawu n'kukwera kupitirira. Pa choimbira changa waya ali patali ndi ndodo pafupifupi chala chimodzi, moti ukamukanikiza mpaka agunde ndodo ngati pa gitala, mawu onse amasokonekera. Ichi n'chifukwa chake Yamikani azigwiritsa ntchito mpeni, kenako kabotolo ka mankhwala a chifuwa kamene mlongo wake Tadala adzamutolere, osati zala.

Chimene chingadabwitse mwana ndi kutalikirana kwa zizindikirozo. Mwachibadwa angayembekeze kuti zikhala motalikirana mofanana. Sizitero. Kuchoka pa do kufika pa re pali masentimita pafupifupi 7, koma kuchoka pa fa kufika pa so, pamene khutu limamva mtunda wofanana kapena kuyandikira, pali 5 okha. Ukapitirira pakati zimapanikizana kwambiri, chifukwa do wachitatu ali pamene patsala 15, ndiye nyimbo yonse imene inatenga masentimita 30 tsopano ikukwana mu 15. Ndamulembera Yamikani tsiku lokhumudwa pamene wajambula mizere yotalikirana zala ziwiriziwiri, yooneka bwino, koma nyimbo ya kusukulu yakana kutulukamo. Aifufute ndi malovu, ayambirenso, ulendo uno khutu litsogole, khala litsatire.

6 Juni

Pachimake pa nkhani ndi pakati pa waya. Ndakhala ndikufunafuna momwe mwana wosadziwa do re mi angazindikirire kuti malo amenewa ndi osiyana ndi ena onse, ndipo ndapeza njira zitatu zimene zonse n'zoona pa choimbira changa.

Yoyamba ndi ya khutu. Akamatsetsereza botolo, mawu amachoka, amapita kutali, kenako pamalo ena amabwerera kukhala omwe aja a waya yense, koma aang'ono. Yamikani akuwafanizira ndi bambo ake ndi Tadala akamaimba nyimbo imodzi m'tchalitchi: nyimbo yomweyo, wina pansi wina pamwamba, osawombana. Yachiwiri ndi ija ya mbali ziwiri. Pamalo amenewa pokha, akamenya uku ndi uko kwa botolo, mawu amafanana. Yachitatu ndi imene ndaikonda koposa. Chala chimene chimapha mawu m'malo ambiri, pakati penipeni sichiwapha. Ukangokhudza mopepuka, n'kumenya, n'kuchotsa chala msanga, pamatuluka kamawu koyera kopyapyala, do wapamwamba yemwe uja. Zimatero chifukwa waya angathe kunjenjemera m'zigawo ziwiri, pakati pali duu, ndipo chala chikakhala pamalo osayendawo chimangoletsa kunjenjemera kwa waya yense n'kusiya kwa zigawo ziwirizo.

Zitatu zonsezi zikulozera malo amodzi, ndipo mwanayo afune kudziwa kuti malowo ndi otani. Alibe tepi. Atenge luzi, aliyeze kuchoka pa kamtengo kufika kumutu, alidule, alipinde pawiri, aliike pandodo. Mapeto a luzi agwe pa chizindikiro chake cha khala. Ndachita zimenezi ndekha ndi luzi lenileni, ndipo ngakhale ndinkadziwa kale chimene chichitike, thupi linachita tsemwe. Kenako alipinde patatu, apeze kuti pali chizindikiro china chimene anachilemba kale ndi khutu lokha, chija cha so. Sindikumupititsa patsogolo kuposa apa. Kupinda pawiri ndi patatu n'kokwanira kwa mwana wa Sitandade 5, ndipo n'kokwanira kwa nkhani ya masamba ochepa.

11 Juni

Agogo. Ndinawasiya pamphasa kuyambira tsamba loyamba, akuwothera dzuwa, maso ofooka. Woimba kaligo amagwira chingwe chimodzi ndi zala zake, akuchikhwekhweza ndi kauta, ndiye zimene mdzukulu wawo wavutika nazo masiku onsewa iwo zili m'zala. Chiyeso chinali chakuti ndiwapatse mawu anzeru. Ndakana. Ndawapatsa pempho:

"Bwera nacho kuno."

Anachipapasa kuchoka kuchitini mpaka kuchikhomo. Anamenya kamodzi. Kenako chala chawo chinayenda pa waya, chinaima, chinakhudza mopepuka, ndipo kamawu koyera kaja kanatuluka. Yamikani anasuzumira. Chala cha agogo chinali pa khala lake.

"Agogo, mwaona chizindikiro?"

"Ndione ndi maso ati? Chikhomo chakochi chikuterera. Upake phulusa."

Za phulusazo ndayesa. Chikhomo chosalala chimagwira bwino ukachipaka phulusa kapena choko, ndipo chimafunika kusemedwa mosongoka pang'ono kuti ukachikankhira mkati chizithina.

15 Juni

Ndawerengera nkhaniyi ana a mlongo wanga ndi anzawo, choimbira chili pambali. Chigawo cha zitini chinawatopetsa, ndachidula n'kutsala ndime imodzi. Pa chigawo cha mpeni anakhala chete, ndipo nditangomaliza, mtsikana wina anatenga supuni n'kukayesa yekha. Anamenya mbali ya kuchikhomo, mawu n'kumatsika pamene iye amayembekeza kuti akwere, anzake n'kuyamba kutsutsana naye. Ndaonjezera chiganizo chimodzi chosonyeza bwino dzanja limene lagwira mpeni ndi mbali imene kamtengo komenyera kakugwera.

Mnyamata wina anafunsa chifukwa chimene babatoni imalirira pansi chonchija pamene nayonso ndi ya waya mmodzi. Yankho lili pawiri: waya wake ngotalika, komanso ngonenepa. Pa mawaya awiri a chitsulo chimodzi, otalika mofanana ndi okungidwa mofanana, wonenepa kawiri amalira do wapansi pamene woonda akulira do wapamwamba. Ichi ndi chinthu chachitatu chimene chimalamula msinkhu wa mawu, ndipo m'nkhani mulibe. Ndaganiza kuti chisalowe chonse. Kungoti pa ulendo wachiwiri wa kumsika, wokonza njinga amupatse waya wonenepa pang'ono, Yamikani adandaule kuti watsopanoyu "ali ndi mawu aakulu" ngakhale wamukunga ngati woyamba, funso likhale lotseguka.

20 Juni

Nkhani yaima pa mawu pafupifupi 2,300, ndipo ndikufuna itsike kufika pa 2,000. Zodula zili m'chiyambi, pamene ndafotokoza mudzi motalika.

Chotsala chachikulu ndi mathero. Pano nkhani ikuthera pa agogo ndi phulusa, koma Tadala, amene anatola kabotolo, sanalandire kanthu. Ndikuyesa ndime imene Yamikani akutsanzira ndi waya momwe amayi awo amaitanira Tadala kuchokera kuchitsime, mawu okwera n'kutsika n'kukoka kumapeto, mpaka Tadala ayankhe "Wawa!" ali kuseri kwa nyumba. Pa choimbira changa kuitanako kumatheka ndi botolo, chifukwa limatsetsereka pakati pa zizindikiro monga momwe mawu a munthu amachitira, koma kumafuna chigawo cha pakati pa masentimita 40 ndi 30, pamene dzanja likangophonya pang'ono mawu apita kwina. Ndiyenera kuonetsa kuti mwanayo waphunzira kwa masiku angapo asanakwanitse, apo ayi owerenga amene agwirapo waya sakhulupirira. Ndime imeneyi ndiilemba kumapeto kwa sabata ino, kenako ndipereke nkhani yonse kwa mkulu wa kwaya uja kuti aone ngati pali pamene waya wachita zosatheka.